Meseji yomwe amayi anga ankafuna kutumiza kwa tenanti wawo

Nthawi inali itadutsa 10 koloko usiku pomwe amayi anga anandipatsira foni yawo nkunena kuti "tatumiza iyi, ine batani lake sindikuliona bwino." Amayi ali ndi nyumba imodzi yomwe amachititsa lendi ndipo penshoni yawo ndi imeneyo basi, mankhwala awo a shuga amachokera momwemo, ndiye lendi ikachedwa si nkhani yongonyansidwa nayo ayi, kumakhala kulibedi ndalama. Ine ndinali nditangopita kukawaona, za tenanti sindinkazidziwa nkomwe. Ndinatenga foniyo kuti ndingodina basi, koma maso anagwera pa mawu oyamba ndipo chala chinaima.

## Meseji yake inali iyi

"IWE WANDIKWANA. MIYEZI ITATU OSALIPIRA UKUONA NGATI NYUMBAYI ANAKUMANGIRA AMBUYAKO? LACHISANU LIKAFIKA NDIDZATAYA KATUNDU WAKO PANJA NDI KUSINTHA LOKO. MADZI NDIDULA MAWA. NDIPITANSO KUNTCHITO KWAKO ABWANA AKO AKADZIWE KUTI NDIWE MBAVA. UNDIONA."

Zilembo zazikulu zokhazokha, ndipo amayi sachita kulakwitsa batani, amadziwa bwino kuti pa foni kumeneko ndi kukalipa. Chomwe chinandibaya kwambiri ndi "iwe" uja. Munthu wake ndi bambo wa ana awiri, amayi akakumana naye amamupatsa ulemu wonse, "bambo mwadzuka bwanji", koma pa foni wasanduka iwe.

Ndinati "Amayi, iyi sindituma." Anandiyang'ana ngati ndagwirizana ndi tenantiyo. Akuti "ndiye ulipira ndiwe?" Ine ayi, koma tiyeni tikhale pansi kaye tiikonze, mawa mmawa ipite. Anavomera koma mokwiya ndithu, foni anaisiya mmanja mwanga ngati akundipatsa mlandu.

## "Akukusungirani zingati?"

Funso loyamba lomwe ndinawafunsa linali lopepuka, ndinkaona ngati ayankha pompo. Akukusungirani zingati? Anati miyezi itatu. Ndinati ayi ndikufuna nambala, ndalama zingati. Anakhala chete pang'ono kenaka anapita kuchipinda kukatenga kope lomwe amalembamo za nyumbayo.

Apa ndi pomwe nkhani yonse inatembenukira, ndipo mpaka lero ndikamaganiza ndimachita mantha kuti ndikanangodina batani lija. Mu kopemo munali chonchi. Lendi imayenera kulipidwa pofika pa 5 mwezi uliwonse. Ya Epulo bamboyo analipira yonse, kungoti mochedwa komanso kawiri, gawo lina pa 19 lina pa 27. Ya Meyi anapereka theka pa 22. Ya Juni sanapereke kalikonse, ndipo tsiku lomwe tinkawerengalo linali pa 11 Juni. Ndiye miyezi itatu ija sinali miyezi itatu yosalipira, inali miyezi itatu yovutitsa, zomwe ndi zinthu ziwiri zosiyana ngakhale mumtima zimapweteka chimodzimodzi. Ngongole inali mwezi umodzi ndi theka.

Sizinathere pomwepo. Mmunsi mwa tsamba la Meyi munali mawu awiri olembedwa ndi pensulo, "mpopi, pulambala", opanda nambala. Nditafunsa amayi anati "aaa zoona, mpopi wa kubafa unaphulika ndiye anaitana pulambala nkulipira yekha, ndinamuuza kuti tidzachotsera pa lendi." Tinafufuza mu mameseji akale nkupeza chithunzi cha risiti yomwe bamboyo anatumiza, ndalama yake inali pafupifupi kota ya lendi ya mwezi. Ndiye pa theka la Meyi lija tichotsepo kota, patsala kota. Kuphatikiza ndi Juni, ngongole yeniyeni ndi mwezi umodzi ndi kota.

Tangoganizani meseji ija itapita. Bamboyo sakanavutika nkomwe kuyankha, akanangotumiza marisiti ake nkunena kuti mayi mukunama, ndipo akanakhala kuti akunena zoona. Kuyambira pamenepo mkangano ukanakhala wa miyezi itatu yabodzayo ndi mawu oti mbava, mwezi ndi kota zomwe akusungadi zikanakwiririka pansi. Munthu yemwe ali ndi ngongole mukamuchulukitsira nambala mwamupatsa poyambira, amasiya kudziona ngati wolakwa nkuyamba kudziona ngati wonamiziridwa.

Amayi anatseka kope nkunena chapansipansi kuti "komabe akundisungira." Ndinati eya, ndipo zimenezo ndi zomwe tilembe.

## Lachisanu likafika mudzatani?

Funso lachiwiri linali lovutirapo. Ndinawafunsa kuti Lachisanu lafika, sanalipire, mudzapitadi kukatulutsa matilesi a ana aja nkuwaika panja? Anayankha mwachangu mpaka ndinaseka, akuti "iwe ndingataye bwanji katundu wa ana, ndimangofuna achite mantha."

Vuto lake ndi limenelo. Bamboyo wakhala mnyumbamo zaka ziwiri, amayi amawadziwa, akudziwa kuti sangachite zimenezo. Lachisanu likadutsa katundu ali mnyumba, loko ali yemweyo, madzi akutuluka, chomwe waphunzira ndi choti mawu a alandilodi ndi mphepo chabe, ndiye meseji yachiwiri mudzalemba chani choposa pamenepo? Mwayambira pamwamba penipeni, kotsala ndi kutsika basi.

Nanga atachitadi? Apo ndiye zoipa kuposa. Mmaiko ambiri landilodi saloledwa kutulutsa munthu ndi manja ake, kaya posintha loko, kutaya katundu panja kapena kudula madzi ndi magetsi kuti atope achoke yekha. Kutulutsa munthu yemwe akukana kuchoka kumadutsa kukhoti, ndipo landilodi wodumpha njirayo amatha kupezeka kuti ndi iye akulipira tenanti yemwe anali ndi ngongole naye. Komanso meseji sifa ngati mawu apakamwa. Sikirinishoti ndi kamphindi chabe, ngakhale mutafufuta mbali yanu mmawa mtima utatsika, kwa mnzanuyo yatsala, ili ndi deti, nthawi ndi nambala yanu pamwamba. Amayi amalemba ndi dzanja lawo umboni woti anakonzekera kuchita zosaloledwa.

Za kuntchito zija ndiye zosamveka nkomwe ukaziganizira bwino. Kutchula munthu mbava kwa abwana ake pa nkhani ya ngongole ndi kuipitsa mbiri, atha kukusumirani, koma ngakhale tisiye za malamulo, ndalama ya lendiyo imachokera kuti? Kuntchito komweko. Akachotsedwa ntchito mwatsala ndi tenanti yemwe sangalipire olo atafuna. Amayi atamva izi anangoti "khoswe akakhala pamkhate sapheka", nkupukusa mutu.

Ndiye tinagwirizana lamulo limodzi la usiku umenewo, mu meseji musalowe chinthu chomwe amayi sadzachitadi tsikulo likafika. Tinatenga pepala lomwe anasainirana bamboyo polowa mnyumba, tsamba limodzi lokha koma munali zokwanira, deti ya lendi, dipoziti, ndi mzere woti aliyense wofuna kuthetsa pangano apereke notisi ya mwezi umodzi yolembedwa. Chomwe amayi angachitedi ndi chimenecho, kupereka notisi.

## Yoyamba yanga inakanidwa

Apa ndiulule kuti nanenso ndinalakwitsa, kungoti mbali inayo. Ndinalemba chonchi:

"Moni bambo, pepani kukuvutitsani. Ndimangofuna kukukumbutsani pang'ono za lendi ija, mukapeza chonde mutiganizireko chifukwa nafenso zinthu zativuta. Pepani kwambiri, zikomo."

Nditawawerengera amayi anaseka koyamba usiku umenewo, akuti "mwana wanga, ameneyu ndi ine ndikukapempha ngongole kwa iyeyo?" Ndipo amanena zoona. Pepani kawiri, "pang'ono", "mukapeza", "mutiganizireko", munthu woilandira atha kuyankha kuti "chabwino mayi ndikapeza" ndipo wayankha zonse zomwe mwafunsa, simungamutsutse. Mulibe nambala, mulibe deti, mulibe chomwe chichitike.

Chinandidabwitsa ndi choti nditaziika pamodzi, yaukali ya amayi ndi yofewa yangayi zinali ndi matenda amodzi. Zonse ziwiri zimanena za mmene wolembayo akumvera, ina ikuti ndakwiya ina ikuti ndavutika, koma palibe yomwe imamuuza bamboyo kuti alipire zingati, pofika liti, kudzera pati. Ya amayi inali ndi "Lachisanu" yekha, Lachisanu liti kaya.

Ndinayesanso kachiwiri ndipo mmenemo munalowa kachinthu kena kovuta kukaona, chipongwe chovala jekete. Ndinalemba kuti "monga mwa chizolowezi chanu, lendi yachedwanso." Mawu aulemu onse, palibe kutukwana, koma munthu akawerenga amamva mbama. Amayi anaikonda kwambiri imeneyo kkkk, nchifukwa chake ndinadziwa kuti iyenera kuchoka.

## Yomwe inapita

Manambala a ndalama ndawachotsa pano chifukwa ndi za eni ake, pomwe pali mzere panali nambala yeniyeni.

"Mwadzuka bwanji bambo. Ndikulemba za lendi ya nyumba yomwe mukukhala. Malinga ndi pangano lathu, lendi imalipidwa pofika pa 5 mwezi uliwonse. Kufika lero pa 12 Juni, zotsala ndi izi: Meyi ____ (nditachotsa ____ zomwe munalipira pulambala), Juni ____. Zonse pamodzi ____. Ngati mabuku anu akusiyana ndi anga, nditumizireni marisiti tione limodzi.

Lipirani ndalama yonseyi pofika pa 26 Juni, kudzera njira yomwe mumalipirira nthawi zonse, ndipo ndidzakupatsani risiti. Ngati simungathe kulipira yonse pa tsikuli, ndilembereni pasanafike pa 19 Juni kuti mudzalipira zingati pa madeti ati, ndione ngati ndingavomere.

Pakadutsa pa 26 Juni popanda malipiro kapena dongosolo lomwe tagwirizana, ndidzakupatsani notisi ya mwezi umodzi yothetsa pangano monga tinalemberana. Chonde ndiyankheni kuti mwalandira uthengawu. Zikomo."

Pansi pake dzina la amayi.

Deti ya pa 26 tinakangana nayo nthawi yaitali kuposa china chilichonse. Amayi amafuna masiku atatu. Ine ndinawafunsa kuti bamboyo amalandira liti, anati chakumapeto, cha pa 25. Ndiye kumupatsa masiku atatu pa 12 ndi kumupatsa deti yomwe tonse tikudziwa kuti aiphonya, kenaka inu mukakamizike kupereka notisi yomwe simumafuna kapena kubweza mawu anu, zonse ziwiri mwaluza. Pa 26 ndi tsiku lotsatira malipiro, ndalama ikadali mthumba isanagawidwe kwa ena omwe akumudikiranso, chifukwa munthu wochedwa lendi kawirikawiri sakhala ndi ngongole imodzi. Ndi masiku 14 kuchokera pa 12, palibe yemwe anganene kuti munamupanikiza. Ndipo tinalemba deti ya pa kalendala osati "sabata ziwiri" kapena "kumapeto kwa mwezi", mawu amenewo aliyense amawerenga mmene zamukomera.

Deti yachiwiri ija ya pa 19 ili ndi ntchito yake. Popanda iyo bamboyo akanakhala chete mpaka usiku wa pa 26 nkubwera ndi nkhani yaitali. Tikamuuza kuti ngati pali vuto lankhulani sabata imodzi isanakwane, udindo wobweretsa dongosolo wapita kwa iye, ndipo mawu oti "ndione ngati ndingavomere" akusunga chiganizo mmanja mwa amayi. Sitinalonjeze kuti chilichonse chomwe anene chilandiridwa.

Za pulambala amayi samafuna zilowe, akuti bwanji ndimukumbutse ndekha zomwe mwina waiwala. Koma sanaiwale, palibe tenanti amaiwala ndalama yomwe anakonzetsera nyumba ya mwini. Kuchotseratu nokha kumatseka pakamwa, akawerenga amaona kuti munthuyu wakhala pansi wawerengera mwachilungamo, ndiye nambala yotsalayo imalemera, kuitsutsa kumavuta.

Mzere womaliza wa notisi uja mulibe "mwina", mulibenso "mundiona". Ukungonena chomwe chidzachitike ndi komwe chachokera, pa pepala lomwe iye mwini anasaina. Ine ndimaona kuti umenewu ndi woopsa kuposa zotaya katundu zija, chifukwa bamboyo akauwerenga akudziwa kuti izi zokha amayi atha kuchitadi.

Tisanagone ndinaiyesa njira ziwiri. Ndinaiwerenga mokweza ngati tili pamaso pa woweruza ndipo amayi akufunsidwa kuti munalemba ndinu, kuti tione ngati pali mawu omwe angawachititse manyazi, panalibe. Kenaka ndinaitumiza kwa mchemwali wanga yemwe nkhaniyi samaidziwa nkumufunsa kuti munthuyu akuyenera kulipira zingati, liti, ndipo akapanda kutero chichitike nchani. Anayankha zonse bwinobwino osafunsa kalikonse. Akanafunsa kuti "ukutanthauza chani apa" ndikanadziwa kuti pamenepo ndi pomwe bamboyo adzabisale.

## Zing'onozing'ono za katumizidwe

Inapita 9 koloko mmawa osati usiku. Meseji ya ndalama yofika munthu atagona imamveka ngati kugogoda pachitseko pakati pa usiku olo mawu ake akhale abwino chotani. Inapita kwa bamboyo yekha chifukwa ndi amene anasaina pangano, amayi amafuna itumizidwenso kwa akazi awo "kuti amukankhe" koma ndinakana, kumeneko ndi kuyatsa moto mbanja la eni.

Tinatumiza pa WhatsApp osati SMS. SMS imodzi imatenga zilembo 160 zokha, yaitali ngati iyi imaduka mzidutswa zingapo ndipo chidutswa chimodzi chikasowa, mwina chomwe chili ndi deti, munthu amakhala ndi chonamizira. Pa WhatsApp imafika yathunthu ndipo timizere tija timaonetsa kuti yafika.

Koma foni yokha sitinaidalire. Tsiku lomwelo tinalemba mawu omwewo pa pepala, makope awiri, bamboyo anasaina pa kope la amayi kuti walandira, ndi deti. Chifukwa chake ndi choti uthenga uwu unali chenjezo chabe, notisi yeniyeni yotulutsa munthu ili ndi malamulo ake omwe amasiyana dziko ndi dziko, masiku angati, ilembedwe bwanji, iperekedwe motani, ndipo mmalo ambiri meseji ya pa foni payokha sikwanira. Tinafuna kuti zikafika poipa pakhale pepala loonetsa kuti munthuyu anauzidwa bwinobwino ndipo anapatsidwa nthawi.

## Yankho

Timizere tinasanduka ta buluu 9 koloko yomweyo koma yankho kunalibe mpaka madzulo, amayi tsiku lonse akungoti "waona, ulemu wakowo, akutiseka." Cha mma 6 inalowa. Bamboyo anati walandira, nambala akugwirizana nayo, kuntchito anawachepetsera masiku kuyambira Epulo ndipo amachita manyazi kunena. Anapempha kuti pa 26 alipire kota ya Meyi ndi theka la Juni, theka lotsalalo pa 10 Julayi.

Amayi anavomera koma tinawayankhira polemba, madeti onse awiri ndi ndalama zake, nkuwonjezera mzere umodzi woti lendi ya Julayi ikhalabe pa 5 monga mwa pangano. Mzere umenewu ndi wofunika chifukwa munthu akamabweza ngongole yakale amatha kuona ngati yatsopanoyo yaima kaye, kenaka mukupezeka mukuthamangitsana ndi mwezi umodzi womwewo chaka chonse. Pa risiti iliyonse amayi analembapo kuti ndalamayi ndi ya mwezi uti ndipo balansi yatsala zingati.

Pa 26 analipiradi. Ya pa 10 Julayi inabwera pa 13, ya Julayi yeniyeniyo inachedwanso, sindikunamizani kuti meseji inamusintha munthu, ndalama zomwe alibe sizingatuluke chifukwa cha chiganizo cholembedwa bwino. Mu Ogasiti anabwera yekha kudzapereka notisi yake kuti wapeza nyumba yocheperapo, anachoka kumapeto kwa Seputembala, zotsala anachotsera pa dipoziti mogwirizana, makiyi anapereka mmanja mwa amayi ana ake ali pomwepo akutsanzika agogo.

Mwezi watha ndimawakonzera amayi foni yawo itadzaza, ndikufufuta zithunzi zakale ndi zina, ndiye ndinaipeza meseji ya zilembo zazikulu ija, anaikopera mu manotsi ikadali yonse mpaka "UNDIONA" wake. Ndinafunsa ngati ndifufute. Anandilanda foni, akuti "isiye imeneyo, ndinailemba bwino."